Chithunzi chakuda cha Tadala: lipoti la mwana wa zaka zisanu amene anajambula banja lake

Dzina la mwanayu ndasintha, ndipo zina zokhudza banja lake ndazisokoneza dala kuti asadziwike. Mayi ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Ine ndimagwira ntchito ya uphungu wa ana ndi mabanja kuno ku Mzuzu, ndipo nkhani ngati iyi zimandipeza kawirikawiri kudzera mwa aphunzitsi a sukulu za mkaka ndi alezi a ku mkombaphala.

M'mene nkhani inafikira kwa ine

Tadala anali ndi zaka 5 ndi miyezi 4 pamene ndinamuona koyamba, kumayambiriro kwa Juni, nthawi imene m'mawa wa ku Mzuzu umaluma zala. Banja lake ndi la ku Dedza, linabwera kuno zaka zitatu zapitazo ndipo likuchita lendi ku Chiputula. Mayi ake amagulitsa kaunjika. Bambo ake ali ku Joni. M'nyumbamo mumakhalanso mchimwene wa mayiwo, mnyamata wa zaka 19 wopalasa kabaza, mtsikana wa achemwali awo amene ali Sitandade 6, ndi khanda lobadwa mu Epulo.

Amene anandiimbira ndi aphunzitsi ake. Anabwera ndi pepala lopinda kanayi m'chikwama, ndipo asanakhale n'komwe pansi anali atalitambasula kale patebulo. Anawauza ana m'kalasi kuti ajambule banja lawo ndi nyumba yawo, ndipo cha Tadala chinawadetsa nkhawa. Chonse chinali chakuda. Kumanzere kunali munthu wamkulu kwambiri, wotalika kuposa nyumba, amene mwanayo anati ndi amalume. Anthu onse analibe manja, mikono inangothera m'malere ngati timitengo. Nyumba inalibe chitseko. Bambo munalibe. Tadala mwini anali kakang'ono, kopanikizika m'mphepete kumanja, kunja kwa nyumba.

Aphunzitsiwo anali atachitapo maphunziro a masiku ochepa a zoteteza ana, kumene wina anawaonetsa mndandanda wa zizindikiro: chakuda ndi chisoni, kusowa manja ndi kusowa mtengo wogwira, munthu wamkulu ndi amene mwana amamuopa, nyumba yopanda khomo ndi chinsinsi cha m'banja. Ataziika pamodzi anafika pa amalume aja. "Amayi, ine mtima wanga sukundinamiza," anatero. "Mnyamata uja akumuchita zinazake mwanayu."

Sindinawaseke ndipo sindiwanyoza pano. Mphunzitsi amene waona kuti mwana wasintha n'kuchitapo kanthu ndi wofunika kuposa khumi ongoyang'ana. Ndipo kusintha kunalipodi. Nditawafunsa zimene anaona pa mwanayo, kusiya za pepala, anati kwa milungu ngati isanu Tadala amalira mayi ake akamamusiya pageti, zimene sankachita kale, ndipo amasinza m'kalasi. Zimenezo ndi zimene ndinalemba poyamba mu fayilo. Vuto linali lakuti aphunzitsiwo anali atayankhula kale ndi mayi a mwanayo, ndipo dzina la amalume linali litatchulidwa.

Zimene ndinachita ndi chithunzi choyamba

Ndisanaonane ndi mwana ndinapempha kuona zithunzi za kalasi lonse za tsiku lomwelo. Imeneyi ndi njira yotchipa kwambiri yodziteteza ku maganizo ako omwe, ndipo ambiri amaidumpha. Zinalipo 23. Pa zimenezo, 15 zinali za anthu opanda manja. Nyumba zopanda chitseko zinali 6. Zakuda kapena zofiirira zokhazokha zinali 5, ndipo ana asanuwo amakhala pa benchi imodzi yakumbuyo. Ndinapempha kuona chitini cha chekeni. Chimayambira kutsogolo, ana amasankha, ndipo chikamafika kumbuyo mumakhala mutatsala tizidutswa takuda ndi tofiirira, chifukwa zofiira ndi zachikasu ndi zimene zimalimbiranidwa. Aphunzitsi anagwira pakamwa.

Za manja zija ndi nkhani ya msinkhu. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amajambula munthu ngati mbululu: mutu waukulu, miyendo yotuluka m'mutu momwemo, nthawi zina ndi mikono yotuluka m'makutu. Thunthu limabwera pambuyo, manja ndi zala pambuyo pakenso, khosi mochedwa kwambiri. Viktor Lowenfeld, amene anafotokoza magawo a kajambulidwe ka ana mu 1947, anaika zaka 4 mpaka 7 ngati nthawi imene mwana akufufuzabe m'mene angaimirire munthu papepala, ndipo lero ajambula china, mawa china. Ndipo zaka zimenezo n'za ana amene anayamba kugwira pensulo ali aang'ono. Mwana wathu amene amalemba ndi kamtengo pamchenga, n'kukhudza pepala kawiri pa sabata, akhoza kuoneka wotsalira pamene chomwe chamuchepera ndi mapepala basi. Tadala anali ndi mitu, matunthu, miyendo, mikono, maso ndi pakamwa. Pa msinkhu wake palibe chodandaulitsa.

Kukula kwa amalume kunafuna kuti ndimuone akujambula, choncho ndibwererako. Koma ndinali nditaona kale kuti anthu anayamba aakulu kumanzere n'kumachepa kupita kumanja. Ana aang'ono sakonzeratu malo. Woyamba amadya theka la pepala, wachiwiri amatenga chotsala, womaliza amapanikizidwa pakona. Ena amadzijambula pomaliza.

Chifukwa chake sindiwerenga zizindikiro

Apa ndiime pang'ono, chifukwa mndandanda umene aphunzitsi anaphunzitsidwa sunagwe kumwamba. Mu 1926 Florence Goodenough anakonza mayeso ouza mwana kujambula munthu, koma iye ankawerenga ziwalo pofuna kuyerekeza kukhwima kwa nzeru, osati za mumtima. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunabwera ena amene anati chithunzi chimaulula zobisika: John Buck ndi mayeso ake a nyumba, mtengo ndi munthu mu 1948, Karen Machover ndi matanthauzo a chiwalo chilichonse mu 1949. Mu 1970 Burns ndi Kaufman anawonjezera njira youza mwana kujambula aliyense wa m'banja akuchita chinachake. Zimene zimayenda m'maphunziro afupiafupi masiku ano ndi zidutswa za ntchito zimenezi.

Zitayesedwa, zizindikiro za chimodzichimodzi zija sizinapirire. Ukatenga ana amene akudziwika kuti anachitidwa nkhanza ndi ana amene sanachitidwe, n'kusakaniza zithunzi zawo, manja osowa ndi anthu akuluakulu umawapeza mbali zonse ziwiri. Kafukufuku amene ndimakonda kufotokozera anzanga ndi wa Loren ndi Jean Chapman wa mu 1967. Anatenga zithunzi za anthu n'kuzilumikiza mwachisawawa ndi mawu ofotokoza vuto la wojambulayo, kotero kuti panalibe mgwirizano uliwonse. Anazipereka kwa ophunzira amene sanaphunzirepo za mayesowa. Ophunzirawo anabwera n'kunena kuti aona kuti anthu okayikira anzawo amajambula maso achilendo, zomwezo zimene akatswiri ankakhulupirira. Mgwirizanowo unali m'mitu mwawo. Maso ndi kukayikira zimayenderana m'maganizo mwathu, ndiye timaziona papepala ngakhale palibe. Chakuda ndi chisoni n'chimodzimodzi: timavala zakuda pa maliro, choncho tikaona chekeni chakuda mtima umathamangira kumanda.

Palinso nkhani ya kwathu. Mayeso onsewa anakonzedwa ku America, kumene banja ndi bambo, mayi ndi ana awiri m'nyumba imodzi. Ofufuza amene anayerekeza ana a ku Germany ndi ana a alimi a mtundu wa Nso ku Cameroon anapeza kuti ana a ku Cameroon amadzijambula aang'ono ndipo kawirikawiri nkhope saikamo zambiri, popanda vuto lililonse la mumtima. Kwa ife mwana amaleredwa kuti adziwe kuti akulu ndi akulu. Akadzijambula wamng'ono pambali pa amalume ake, mwina wangonena zoona. Ndipo mawu akuti "banja" kwa mwana wa ku Chiputula angatanthauze onse odya mbale imodzi, kapena a kumudzi ku Dedza, kapena aneba amene amamusambitsa. Bambo akasowa pa chithunzi m'tauni imene amuna ambiri ali ku Joni, funso loyamba n'lakuti kodi bambowo amagona kuti.

Kuonana ndi Tadala

Ndinayamba ndi mayi ake paokha, mphindi 40. Anali okwiya ndi amantha nthawi imodzi. Anati mchimwene wawoyo ndi amene amapita ndi mwana kusukulu pa njinga ndi kukamutenga, ndipo chimvereni za aphunzitsi anamuletsa. Ndinafunsa za kudya, kugona, kusewera, matenda, ndi zimene zasintha pakhomo chaka chino. Ndipamene anatchula kuti Tadala, amene anasiya kukodza pogona ali ndi zaka zitatu, wayambiranso, mwina kanayi pa sabata. Anatchulanso, ngati nkhani yopanda ntchito, kuti pobereka khandali anachitidwa opaleshoni, bala linavuta, ndipo anakhala m'chipatala masiku 16. Ndinafunsa kuti Tadala anauzidwa chiyani. Anaseka pang'ono. "Si mukudziwa, timangoti amayi apita kukagula mwana." Anachoka usiku mwanayo ali m'tulo, ndipo sanapite naye kukawaona ngakhale kamodzi.

Kenako ndinakhala ndi Tadala pamkeka, mayi ake ali pakhonde pamene ankatha kuwaona pa zenera. Ndinaika mapepala oyera asanu, pensulo, ndi bokosi la chekeni la mitundu 12, lathunthu. Ndinamufunsa chinenero chimene akufuna. Kunyumba amayankhula Chichewa, ndi anzake Chitumbuka, kusukulu amawakakamiza Chingerezi, ndipo mwana amene amaoneka wosayankhula m'kalasi nthawi zina amangokhala kuti chinenero cha m'kalasimo si chake. Anasankha Chichewa. Pepala loyamba ndinati ajambule chilichonse chimene akufuna. Anajambula nkhuku yofiira ya miyendo inayi. Lachiwiri ndinati, "Undijambulire anthu a kwanu, aliyense akuchita zimene amachita."

Pamene mwana akujambula, ine ndimalemba zinthu zimene pepala lomalizidwa silingandiuze: wayamba ndi ndani, wamaliza ndi ndani, waima pati, wafufuta chiyani, wanena chiyani. Tadala anatenga chachikasu. Anayambanso ndi amalume, aakulu ngati poyamba, ndipo akujambula ankaimba kanyimbo. Anawonjezera magudumu awiri pansi pawo. "Awa ndi amalume, andikweza pa sakaramento," anatero, dzina limene kuno timatchula njinga za kabaza. Kenako mayi, kenako nyumba, ndipo malo anayamba kutha. Anajambula kabokosi m'dzanja la mayi, dzanja limene tsopano linalipo chifukwa linali ndi ntchito yogwira kanthu. Ndinati, "Tandiuza za ichi." Anati, "Ndi foni. Adadi ali m'menemo."

Pano ndiyenera kuulula cholakwa changa. Nditaona kuti nyumba ilibenso chitseko, ndinafunsa kuti, "Nanga chitseko chili kuti, bwanji palibe?" Funso limeneli ndi loipa pawiri. Limauza mwana kuti walakwitsa, ndipo limamukakamiza kupeka chifukwa. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Akuba anaba." Ndikanakhala wofuna nkhani, ndikanalemba kuti mwanayu akuopa akuba. Patapita mphindi zingapo anatembenuza pepala n'kujambula chitseko kuseri kwake. "Chili kuseri," anatero. Nditapita kwawo sabata yotsatira ndinapeza kuti nyumbayo imafulatira msewu, ndipo ukamachokera kusukulu umaona khoma ndi mawindo awiri basi. Za akuba zija anangondipatsa kuti ndimusiye. Mafunso amene amagwira ntchito ndi otseguka: "tandiuza za uyu", "akuchita chiyani", "kenako chinachitika n'chiyani". Funso lililonse loyamba ndi "bwanji" kapena lokhala ndi yankho m'kati mwake, monga "amalume amakumenya eti", limabala zimene wafesa wekha.

Chimene chinandigwira mtima chinabwera pomaliza. Anadzijambula yekha panja, kumanja, monga poyamba. Anatenga nthawi, nyimbo ija inasiya. Ndinati, "Uyu akuchita chiyani?" Anati, "Akulondera." Ndinabwereza mawu ake omwewo, "Akulondera." Anati, "Kuti amami asapitenso kukagula wina." Ndinafunsa kuti amalondera nthawi yanji. Anati usiku. Anafotokoza kuti chibwerere khanda iye anasamutsidwa kuchipinda kwa mayi n'kumagona pabalaza ndi mchemwali wake uja, ndipo akadzuka usiku amamvetsera ngati mayi akupuma kuseri kwa katani. Akapanda kumva, amakhala maso. Kuchimbudzi ndi panja, kunja kukuzizira, ndipo akatuluka mwina mayi angachoke iye kulibe.

Tsono taonani. Kupatula kusowa kwa bambo, pa zizindikiro zisanu zimene aphunzitsi anawerenga, zinayi zinali chitini cha chekeni, msinkhu, kuchepa kwa pepala ndi mamangidwe a nyumba. Chachisanu, mwana ali panja payekha, chinali ndi kanthu ndithu. Koma kanthu kake palibe mndandanda umene ukanakatchula. Buku likanati mwana wodzipatula akumva kuti sakondedwa. Tadala sankanena zimenezo. Iye anali mlonda pa ntchito. Ndipo ndikanangoona pepala lokha, popanda mawu ake, sindikanatha kusiyanitsa chizindikiro chachisanuchi ndi zinayi zopanda kanthu zija. Zonse zinkaoneka zolemera mofanana.

Apa ndi pamene kujambula kuli ndi phindu lenileni, ndipo pali umboni wake. Julien Gross ndi Harlene Hayne a ku New Zealand anaonetsa mu 1998 kuti ana aang'ono akamafotokoza zimene zinawasangalatsa, kuwakhumudwitsa kapena kuwaopsa uku akujambula, amanena zambiri kuposa akangofunsidwa pakamwa, ndipo zowonjezerazo sizikhala zabodza. Zifukwa zake n'zosavuta kuziona ukakhala pamkeka. Mwana sakuyang'anizana ndi munthu wamkulu, maso ake ali papepala. Chimene wajambula chimamukumbutsa chotsatira. Wofunsayo amakakamizika kudikira, ndipo kudikira n'kumene akulu timalephera. Koma phindu limeneli limatha msanga wamkulu akayamba kulamula zojambula. Ukauza mwana kuti "jambula amalume akukumenya", ajambula, chifukwa ndi womvera, ndipo mawa akhoza kuzikumbuka ngati zinachitikadi.

Nkhani ya amalume

Chithunzi sichingatsimikize kuti mwana akuchitidwa nkhanza. Sichingatsimikizenso kuti sakuchitidwa, ndipo mbali yachiwiriyi anthu amaiiwala. Ana ozunzidwa ambiri amajambula dzuwa, maluwa ndi anthu omwetulira. Choncho chachikasu chija ndi kanyimbo kaja sizinanditsekere nkhani. Kukodza pogona kobwereranso ndi kukakamira mayi zimapezeka pa mwana amene wabadwirwa mng'ono, zimapezekanso pa mwana amene wina akumugwira. Dandaulo linali litanenedwa, ndiye linayenera kufufuzidwa mwa njira yake.

Tsiku lachiwiri, popanda pepala, ndinacheza ndi Tadala za anthu a pakhomo mmodzimmodzi, onse mofanana, osayamba ndi amalume: amachita nawe chiyani, chimene umakonda, chimene sukonda. Za amalume anati sakonda akamathamangitsa njinga potsetsereka. Za mchemwali wake anati amamukoka bulangete ndipo amamunena akakodza. Tinakamba za ziwalo za thupi ndi mayina amene iye amagwiritsa ntchito, amene amamusambitsa, ndiponso ngati pali wina amene anamugwirapo kapena kumuuza kuti asunge chinsinsi. Sanatchule kanthu, ndipo sanasinthe nkhope kapena kuthawa nkhani. Mayi ake, amene amamusambitsa, sanaone bala, kutupa kapena zotuluka. Palibe amene anamuonapo akuchita masewera a zogonana osayenera msinkhu wake. Ndinaona ndi maso anga amalumewo akufika pakhomo madzulo, mwana n'kuthamangira kukakwera pa kaliyala. Ichinso pachokha si umboni, ana amathamangira ngakhale owazunza, koma chinagwirizana ndi zina zonse.

Ndinawatumizanso kuchipatala kukayezetsa mkodzo. Mwana amene anauma kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi n'kuyambiranso kukodza pogona ayenera kuonedwa ngati ali ndi matenda a m'chikhodzodzo, likodzo, shuga kapena kudzimbidwa tisanathamangire ku za maganizo. Zotsatira zinali zabwino.

Ndinauza mayi ndi aphunzitsi momveka zimene zikanasintha zonse tsiku lomwelo: mwana kunena yekha kuti wina wamupweteka kapena kumugwira kumaliseche, zipsera zosadziwika chiyambi chake, kuopa munthu mmodzi moonekeratu, kapena kujambula zogonana mwatsatanetsatane zimene mwana wa zaka zisanu sayenera kudziwa. Chomalizachi ndi chokhacho cha papepala chimene ndimachitenga mwachangu, ndipo ngakhale icho chimangotanthauza kuti mwana afunsidwe ndi odziwa, pakuti m'nyumba za chipinda chimodzi ndi m'mafoni a akulu ana amaona zambiri. Zikatero nkhani imapita ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena pa nambala yaulere ya 116, monga lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 likufunira, ndipo mphunzitsi asayambe wafunsa mwana kasanu payekha.

Zimene ndinalemba ngati maganizo anga

Mwana wa zaka 5, wokula bwino molingana ndi msinkhu wake, amene akuonetsa nkhawa yoopa kusiyidwa ndi mayi, yoyamba pambuyo pa kusowa kwa mayiwo masiku 16 popanda kufotokozeredwa, kubadwa kwa mng'ono wake ndi kusamutsidwa pogona. Bambo anachokanso kale ndipo sanabwerere, choncho kwa iye munthu akachoka palibe chomutsimikizira kuti abwera. Kusagona kukufotokoza kusinza m'kalasi ndipo kukuthandizira kukodza pogona. Pa zimene ndapeza, palibe chosonyeza nkhanza. Zithunzi ziwiri ndinaziika mu fayilo ndi mawu a mwana olembedwa m'mene anawanenera, tsiku, amene analipo ndi zida zimene anapatsidwa. Sindinalembepo tanthauzo langa lililonse pa chiwalo kapena mtundu.

Chithandizo ndi zotsatira

Zinali zazing'ono. Mayi anamuuza zoona: sanapite kukagula mwana, anadwala, madokotala anawathandiza, anachira, ndipo anamuonetsa chipsera cha pamimba. Anavutika nazo, anati kwathu sitinena zimenezi kwa ana, ndipo ndinawasiya asankhe okha mawu. Tinagwirizana kuti asamachoke mozemba, ngakhale popita kumsika m'bandakucha, azimudzutsa n'kumuuza nthawi yobwera m'njira imene angamve, monga "ndikupeza ukamaweruka". Mphasa yake inabwerera kuchipinda kwa mayi. Anaika kachidebe m'nyumba usiku, ndipo mchemwali wake anauzidwa kuti asiye kumunena. Kusukulu, aphunzitsi anayamba kumulandira pageti ndi kantchito kogawa chekeni, ndipo chitini tsopano chimayambira kumbuyo tsiku lina, kutsogolo tsiku lina.

Patatha milungu itatu kulira pageti kunali kutatha. Patatha isanu ndi umodzi ankakodza pogona kamodzi pa sabata, nthawi zina osakodza n'komwe. Sindinganene kuti ndi ife tinachiritsa zonsezi, pakuti ana ambiri amakhazikika okha khanda likamakula, ndipo kuzizira kunali kukuchepa. Fayilo ndinaisiya yotsegula miyezi itatu, n'kupempha mayi ndi aphunzitsi kuti andiimbire akaona chatsopano.

Chimene sichinakonzeke msanga ndi amalume. Mnyamatayo anamva zimene ankamuganizira, ndipo aneba awiri anamvanso. Aphunzitsi anapita okha kukapepesa, zimene ndinawalemekeza nazo. Iye anawalandira mwaulemu, koma anauza mlongo wake kuti kutha kwa mwezi akafuna nyumba ku Luwinga ndi anzake a kabaza, ndipo anasamukadi. Amabwerabe m'mawa kudzatenga mwana.

Tsiku lomaliza kuonana naye, mu Ogasiti, Tadala anapempha yekha pepala. Anasankha chakuda pa mitundu 12 yonse ija, chifukwa, anati, chimaoneka bwino. Anajambula amalume aakulu kumanzere, mayi ndi foni, khanda ngati kambatata kumsana, ndipo iye anadziikanso panja pa nyumba, kumanja, wamng'ono, wopanda manja. Ndinati, "Tandiuza, uyu akuchita chiyani?" Anati akudikira njinga.